Kusanja zikalata zophatikiza pofunsira ntchito: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi okhudza mapepala amene amatsagana ndi kalata yofunsira ntchito: CV, makope a masatifiketi odindidwa chidindo, makalata a kumene munagwirako ntchito ndi chiphaso cha unzika. Mayankho ake ndi a ntchito za m'Malawi, za boma, za makampani ndi za mabungwe omwe si aboma.

Kodi kasanjidwe kali ndi ntchito yanji ngati zonse zofunika ndaikamo?

Kuti mumvetse, ganizani za mmene amasankhira anthu oitanidwa ku intavyu. Tsiku lotsekera likadutsa, ofesi yolemba anthu ntchito imatenga zimene inalemba mu chilengezo cha ntchito n'kuziika pa pepala la mizere. Mzere wina ndi wa MSCE, wina wa dipuloma, wina wa zaka zimene munthu wagwira ntchito, wina wa chiphaso. Kenaka amatsegula kalata imodziimodzi n'kumachonga. Panthawi imeneyi sawerenga kalata yanu mofatsa ayi, amangofufuza umboni wa chinthu chilichonse chimene anapempha. Akaupeza amachonga, akapanda kuupeza amalemba kuti palibe.

Vuto lili pakuti "palibe" ndi "chilipo koma sindinachione" zimalembedwa mofanana pa pepala lija. Satifiketi ya MSCE imene yabisala pakati pa masatifiketi asanu ndi atatu a maphunziro a masiku awiriawiri ikhoza kudumphidwa ndi munthu amene ali ndi mulu wa maenvelopu patebulo. Palibenso amene adzakuimbireni foni kufunsa. Choncho ntchito ya kasanjidwe ndi imodzi: wochonga apeze umboni uliwonse pamene akuuyembekezera.

Nanga ndiyambe ndi chiyani, nditsirize ndi chiyani?

Chilengezo cha ntchito chikanena ndondomeko, tsatirani imeneyo ngakhale ikuoneka yachilendo. Chikapempha fomu yawoyawo yodzaza, fomuyo imakhala pamwamba kapena pambuyo penipeni pa kalata. Chikangotchula zinthu zofunika osanena kasanjidwe, tsatirani mmene zatchulidwira, chifukwa kawirikawiri pepala lochongera lija amalikopera ku chilengezo chomwecho.

Ngati sananene chilichonse, ndondomeko imene olemba ntchito anaizolowera ndi iyi. Pamwamba kalata yofunsira ntchito, kenaka CV. Pambuyo pake masatifiketi a sukulu, kuyambira wapamwamba kutsika. Kenaka chikalata cha bungwe loyang'anira ntchito yanu ngati ntchitoyo imafuna kulembetsa, monga Nurses and Midwives Council of Malawi kwa anamwino ndi azamba, kapena Medical Council of Malawi kwa madokotala ndi makiliniko ofesala. Zikatero pamabwera makalata a kumene munagwirako ntchito, chiphaso cha unzika, ndipo kumapeto masatifiketi a maphunziro afupiafupi.

Ndondomekoyi imasintha pamene chinthu chimodzi ndicho chimatsegula khomo. Kwa dalaivala, laisensi ndiyo imabwera pambuyo pa CV, osati MSCE, chifukwa wochonga amayamba waona gulu la laisensi ndi tsiku limene idzathe. Kwa namwino, ife timalangiza kuika chikalata cha kaundula ndi umboni woti chilolezo chogwirira ntchito chikadali ndi mphamvu pambuyo penipeni pa dipuloma kapena digiri, MSCE isanabwere. Dzifunseni kuti, pa mapepala onsewa, ndi liti limene likasowa andichotsa osaonanso ena? Limenelo likwezeni pamwamba.

Mndandanda wa zophatikiza ndiulembe pati, ndipo uzioneka bwanji?

Umalembedwa kumunsi kwa kalata yofunsira ntchito, pansi pa siginecha ndi dzina lanu. Poti makalata ambiri ofunsira ntchito kuno amalembedwa m'Chingerezi, mutu wake umakhala `Enclosures` kapena mwachidule `Encl.` pa kalata ya papepala, ndipo pa imelo ena amalemba `Attachments`.

Tiyeni titenge chitsanzo. Bungwe lina likufuna wothandiza ku ofesi ya zachuma. Chilengezo chikuti munthu akhale ndi dipuloma ya akawunti, MSCE yokhala ndi kirediti mu Masamu ndi Chingerezi, zaka ziwiri akugwira ntchito yotere, makope a masatifiketi odindidwa, kope ya chiphaso cha unzika, komanso mayina a anthu atatu omuchitira umboni. Wofunsira ntchito ali ndi kalata ya tsamba limodzi, CV ya masamba awiri, ndipo anagwirapo ntchito malo awiri. Mndandanda wake ukhala wotere:

```
Enclosures
1. Curriculum vitae, with three referees (pp. 2-3)
2. Diploma in Accounting, certified copy (p. 4)
3. Diploma transcript, certified copy (pp. 5-6)
4. MSCE certificate, certified copy (p. 7)
5. Letters of service, two employers (pp. 8-9)
6. National ID, both sides (p. 10)
7. Certificate, accounting software course (p. 11)
```

Onani zinthu zingapo pa mndandandawu. Kalatayo payokha sinalembedwemo, koma ndiyo tsamba loyamba, n'chifukwa chake CV ikuyambira pa tsamba 2. Chikalata chilichonse chatchulidwa ndi dzina lake lenileni. Kulemba mzere umodzi wakuti "masatifiketi" sikuthandiza aliyense, chifukwa wochonga sadziwa kuti ayembekezere angati, ndipo limodzi likathothoka palibe angazindikire. Anthu atatu ochitira umboni aja ali m'CV, choncho tanena pomwepo kuti asawafufuze kwina. Manambala a masamba ndi amene amachititsa kuti mndandanda ugwire ntchito, makamaka pa PDF, pamene munthu amangolemba nambala ya tsamba n'kufika pomwepo.

Pa mapepala, lembani manambalawo ndi pensulo kapena bolopeni pa ngodya ya kumanja kumunsi, kutali ndi chidindo. Lembani pa makope okha, osati pa satifiketi yeniyeni.

Mndandanda ndi umene mumalemba pomaliza, mutasanja kale mapepala. Anthu ambiri amachita mosemphana: amalemba kalata, kenaka n'kuwonjezera pepala lina mu envelopu, manambala onse n'kusokonekera. Mndandanda wonena zisanu ndi ziwiri pamene m'kati muli zisanu ndi chimodzi ndi woipa kuposa kusalemba mndandanda, makamaka pa ntchito ya akawunti kapena ya ulembi imene imafuna munthu wosamala.

Kalata yanga yadzaza tsamba lonse, mndandanda sukukwana. Nditani?

Fupikitsani kalata. Zikakanika, lembani pansi pa siginecha chiwerengero chokha, monga `Encl. (7)`, ndipo mndandanda wonse ukhale pa tsamba lakelake lachiwiri. Izi zimayenera makamaka pa ntchito za uphunzitsi wa ku yunivesite kapena zaukadaulo zimene zophatikiza zake zimapitirira khumi.

Kodi ndiike masatifiketi onse amene ndili nawo?

Ayi. Ikani amene apemphedwa, ndi ena ochepa amene akukhudza ntchitoyo mwachindunji. Munthu wa digiri safunika kuika satifiketi ya Sitandade 8. Ya JCE ikani pokhapokha aitchula, kapena ngati ndiyo yapamwamba imene muli nayo. MSCE ndi yosiyana: olemba ntchito ambiri m'Malawi amaifunabe ngakhale kwa munthu wa digiri, ndiye musaisiye poganiza kuti digiri yaiphimba.

Amene analemba MSCE kawiri amakhala ndi masatifiketi awiri, ndipo mwina kirediti ya Masamu ili pa yachiwiri pamene ya Chingerezi ili pa yoyamba. Ikani onse awiri motsatizana, ndipo pa mndandanda lembani chaka cha aliyense. Mukaika yoyamba yokha, wochonga aona 7 pa Masamu n'kukuchotsani, chikhalirecho munakonza giredi imeneyi chaka chotsatira. Onetsetsaninso ngati chilengezo chikufuna makirediti opezedwa pa mayeso amodzi, chifukwa ena amatero.

Masatifiketi a misonkhano ndi maphunziro a masiku ochepa ndi amene amatupitsa envelopu. Mu chitsanzo chathu chija taika imodzi yokha, ya pulogalamu ya pakompyuta yowerengetsera ndalama, chifukwa ndiyo ikukhudza ntchitoyo. Enawo angotchulidwa m'CV, ndipo mudzawatenga popita ku intavyu.

Ngati munaphunzira kunja kwa dziko ndipo muli ndi kalata ya National Council for Higher Education yofananitsa maphunziro anu ndi akuno, iikeni pambuyo penipeni pa satifiketi imene ikuifotokoza. Ziwirizi zisatalikirane. N'chimodzimodzi chikalata cha magiredi: chimatsatira dipuloma kapena digiri yake, osati kuunjika magiredi onse kumapeto.

Akati makope otsimikizidwa amatanthauza chiyani, ndipo chimalakwika n'chiyani pamenepa?

Amatanthauza fotokope imene munthu wovomerezeka waiyerekeza ndi chikalata chenicheni, n'kudindapo chidindo, kusayina ndi kulemba tsiku, kutsimikiza kuti ndi kope yoona. Ntchitoyi imachitidwa ndi munthu wa udindo wa komishonala wa malumbiro, monga maloya ambiri ndi mamajisitireti. Chilengezo chikatchula amene ayenera kudinda, pitani kwa ameneyo. Popita tengani zikalata zenizeni pamodzi ndi makope, chifukwa wodinda wosamala sangasayine chinthu chimene sanachione ndi maso.

Apa ndi pamene mapepala ambiri amagwera, ndipo zolakwika zake ndi zomwezomwezo.

Choyamba ndi kudinditsa kope imodzi kenaka n'kuichulukitsa pa makina a fotokope. Chimene chimatuluka ndi fotokope ya chidindo, osati kope yotsimikizidwa. Chimadziwika msanga: inki ya chidindo imakhala ya buluu kapena yapepo ndipo siginecha ya bolopeni imasiya mkwasa pa pepala, pamene pa fotokope zonse ndi zakuda ndi zosalala. Pa kalata ya mu envelopu, kope iliyonse ikhale ndi chidindo chakechake. Ngati mukufunsira ntchito malo angapo, dinditsani makope angapo ulendo umodzi.

Chachiwiri ndi chikalata cha masamba awiri chimene chadindidwa tsamba loyamba lokha. Chikalata cha magiredi cha masamba awiri chimafuna zidindo ziwiri. Ngati kuseri kwa satifiketi kuli tanthauzo la magiredi kapena maphunziro ena, kumenekonso kukopedwe.

Chachitatu ndi chidindo chogwera pa dzina, pa giredi kapena pa nambala ya satifiketi. Musanapereke pepala kwa wodinda, musonyezeni malo opanda zolemba. Njira yabwino ndi kupempha wa fotokope kuti achepetseko kukula kwa satifiketi pang'ono, kuti m'mphepete mutsale malo oyera a chidindo.

Chachinayi ndi tsiku. Olemba ntchito ena amafuna kuti chidindo chikhale chaposachedwa, monga cha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayo, ndipo amanena mu chilengezo. Akapanda kunena, chidindo chakale sichikhala cholakwa mwa icho chokha, komabe cha zaka zinayi zapitazo pa pepala lofiirira sichikuchitirani ubwino.

CV ndi kalata yofunsira ntchito sizidindidwa. Ndipo satifiketi yeniyeni isalowe mu envelopu ngakhale pang'ono, chifukwa mapepala ofunsira ntchito sabwezedwa.

Satifiketi yanga sinatuluke. Ndiike chiyani m'malo mwake?

Ikani chimene muli nacho pa malo amene satifiketiyo ikanakhala, ndipo muchitchule dzina lake loona. Wa MSCE aike chikalata chodziwitsa zotsatira za mayeso a MANEB. Amene wamaliza ku koleji koma mwambo wolandira satifiketi sunachitike apemphe kalata yotsimikiza kuti anamaliza maphunziro, pamodzi ndi chikalata cha magiredi. Pa mndandanda musalembe kuti "dipuloma" pamene mwaika kalata chabe. Lembani kuti ndi kalata yomaliza maphunziro, ndipo mu kalata yanu muike chiganizo chimodzi chonena kuti satifiketi ikudikira mwambo. Wochonga akaona kuti mwanena nokha, amatha kukusungani m'gulu la oyenera kuitanidwa podikira. Akaona kuti mwalemba china n'kuika china, amakayikira mapepala onse.

Mayina a pa masatifiketi anga ndi osiyana ndi a pa chiphaso cha unzika. Izi zikukhudza bwanji kasanjidwe?

Zimachitika kawirikawiri: mayi anasintha dzina atakwatiwa, kapena munthu analemba mayeso ndi dzina la amalume amene ankamulera, kapena kalembedwe kasiyana chilembo chimodzi. Wochonga amafananitsa dzina la pa kalata, pa satifiketi ndi pa chiphaso. Akaona mayina awiri popanda kufotokoza, amaganiza kuti mwina satifiketi ndi ya munthu wina.

Pepala lolumikiza mayinawo, kaya ndi satifiketi ya ukwati kapena chikalata cholumbira pamaso pa komishonala wa malumbiro, liikeni patsogolo pa satifiketi yoyamba imene ili ndi dzina losiyana. Likakhala kumapeto, wochonga amakhala atakayikira kale asanafikeko. Pa mndandanda lipatseni nambala yakeyake, ndipo m'CV, pafupi ndi dzina lanu, lembani dzina linalo.

Potumiza pa imelo, ndiphatikize zonse mu fayilo imodzi kapena chilichonse pachokha?

Ngati sananene, pangani PDF imodzi, yosanjidwa ngati mmene envelopu ikanakhalira. Mabungwe ambiri amanena okha kuti akufuna fayilo imodzi, chifukwa wolandira amatsitsa mafayilo a anthu onse mu foda imodzi. Munthu akatumiza mafayilo khumi ndi limodzi otchedwa `IMG_2041.jpg`, `scan0003.pdf` ndi `CV final new.docx`, mafayilowo amasakanikirana ndi a anthu ena ndipo palibe njira yodziwira mwini wake popanda kutsegula lililonse.

Dzina la fayilo likhale ndi dzina lanu ndi la ntchito:

```
Dzina_Mfunda_AccountsAssistant.pdf
```

Akafuna mafayilo osiyana, yambani dzina lililonse ndi nambala yofanana ndi ya pa mndandanda, ndipo dzina lanu likhalepo pa lililonse:

```
01_Dzina_Mfunda_Letter.pdf
02_Dzina_Mfunda_CV.pdf
03_Dzina_Mfunda_Diploma.pdf
```

Ziro wa kutsogoloyo ali ndi ntchito. Mapulogalamu ena amasanja mafayilo motsatira zilembo, ndiye popanda ziro 10 imabwera patsogolo pa 2. Dziwani kuti pano kalata yatenga nambala 01, choncho mndandanda wa mu imelo uyambire pa kalatayo kuti manambala agwirizane.

CV ndi kalata zisandutseni PDF musanatumize. Fayilo ya Word imasintha maonekedwe pa kompyuta ina, masamba awiri n'kukhala atatu, manambala a pa mndandanda n'kusiya kugwirizana. Pa mutu wa imelo lembani dzina la ntchito ndi nambala yake monga zalembedwera mu chilengezo, chifukwa ena amasefa maimelo potengera mawu amenewo. M'kati mwa imelo mukhale mizere itatu kapena inayi, yonena ntchito imene mukufunsira ndi zimene mwaphatikiza.

Fayilo ikhale yaikulu bwanji? Ndipo kujambula ndi foni n'kololedwa?

Yambani mwaona ngati chilengezo chaika malire. Gmail imalola zophatikiza zokwana 25 MB pa imelo imodzi, koma maimelo a mabungwe ena amakana zazikulu zochepera pamenepo. Komanso fayilo ikamayenda pa imelo imatupa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwa ife, PDF yonse ikakhala pansi pa 5 MB ndiye kuti zili bwino.

Tiwerengere chitsanzo chathu cha masamba 11. Atatu oyamba, kalata ndi CV, ndi olembedwa pa kompyuta ndipo salemera kanthu. Otsala asanu ndi atatu ndi ojambulidwa. Chithunzi chimodzi cha kamera ya foni chimatha kufika 4 MB, ndiye zisanu ndi zitatu ndi 32 MB. Apa Gmail siphatikizanso fayilo, imaiika pa Google Drive n'kutumiza linki. Ofesi zambiri sizitsegula malinki, ndipo nthawi zina linkiyo imafuna chilolezo chimene simunapereke. Masamba omwewo atapangidwa sikani pa 150 kapena 200 dpi, umene ndi muyeso wa kaonekedwe ka sikani, lililonse limakhala la makilobayiti mazana ochepa, ndipo onse pamodzi amakwana bwino pansi pa 5 MB.

Foni ikhoza kugwira ntchito ngati mugwiritsa ntchito pulogalamu ya sikani osati kamera wamba. Pulogalamu ya Google Drive ya pa foni ili ndi batani la sikani limene limadula m'mphepete, kuwongola tsamba ndi kutulutsa PDF ya masamba angapo. Yalani pepala pamalo osalala, pafupi ndi zenera masana, ndipo zimitsani fulashi, chifukwa pa satifiketi yokutidwa pulasitiki kapena pa chiphaso kuwala kumagwera pa dzina penipeni. Ngodya zonse zinayi zioneke. Makope odindidwa ajambuleni a mtundu, kuti inki ya chidindo ioneke kuti ndi yeniyeni. Jambulani kope yodindidwayo ngati apempha makope otsimikizidwa, osati satifiketi yeniyeni yopanda chidindo.

Mukamaliza, dzitumizireni nokha imeloyo n'kuitsegula pa chipangizo china. Yang'anani ngati pali tsamba lozondoka kapena logona chammbali, ngati magiredi akuwerengeka mukakulitsa, ndiponso ngati tsamba 7 lilidi MSCE monga mndandanda ukunenera. Amene apangitsa sikani ku kafe ya intaneti aonetsetsenso kuti m'fayilo simunalowe pepala la kasitomala wina, ndipo apemphe kuti makope awo afufutidwe pa kompyutayo.

Nanga pa webusayiti yofunsira ntchito imene ili ndi malo osiyanasiyana oikamo mafayilo?

Pamenepo PDF imodzi ija siigwira. Malo a CV alandire CV yokha, malo a masatifiketi alandire masatifiketi. Malo a masatifiketi akamalola fayilo imodzi yokha, phatikizani onse mu PDF imodzi kuyambira wapamwamba. Pa mawebusayiti ena fayilo yachiwiri imafufuta yoyamba mwakachetechete, munthu n'kutsala ndi MSCE yokha atataya digiri, choncho musanadine batani lotumiza onani mayina a mafayilo amene atsalapo. N'kwanzeru kusunga pa foni kapena pa fulashi mitundu yonse iwiri: fayilo yophatikiza ndi mafayilo apaokhapaokha.

Mu envelopu ndimange bwanji mapepala?

Sitepula imodzi pa ngodya ya kumanzere kumtunda. Kilipu imavuka envelopu ikamatsegulidwa, ndipo imakola mapepala a munthu wina mu mulu. Kumanga ngati buku ndi chikuto cha pulasitiki n'kuwononga ndalama, komanso kumavutitsa kalaliki amene akufuna kupanga makope a anthu a pa intavyu. Mapepala onse akhale a A4, oyang'ana mbali imodzi. Satifiketi yolembedwa chopingasa itembenuzeni kuti mutu wake ukhale kumanzere, kumbali ya sitepula, n'kuonetsetsa kuti sitepula sinaboole chidindo. Chiphaso cha unzika chikopedwe mbali zonse ziwiri pa tsamba limodzi lathunthu, osadula kapepala kakang'ono kamene kangagwe. Gwiritsani ntchito envelopu yaikulu ya A4 kuti musapinde, ndipo lembani dzina la ntchito pa envelopupo ngati apempha.

Makalata a umboni ndi mayina a ochitira umboni ndi chinthu chimodzi?

Ayi. Chilengezo chikati anthu atatu ochitira umboni opezeka, chikufuna mayina, maudindo, manambala a foni ndi maimelo awo, ndipo zimenezi malo ake ndi kumapeto kwa CV. Kalata yochokera kumene munagwira ntchito ndi umboni wa zaka zanu, ndiye imene muike ndi yonena udindo wanu, tsiku loyamba ndi tsiku losiya, pa pepala la chizindikiro cha kampani, yosayinidwa. Sanjani kuyambira yaposachedwa, mofanana ndi m'CV. Masiku a m'kalatamo afanane ndi a m'CV: CV ikati munayamba mu Malichi pamene kalata ikuti Juni, wochonga amatenga za m'kalata, ndipo zaka ziwiri zija zikhoza kuperewera miyezi itatu. Kalata ya abusa, a shehe kapena a mfumu iikeni pokhapokha aipempha.

Ndatumiza kale, kenaka ndazindikira kuti ndaiwala chikalata chimodzi. Nditumize chokhacho?

Ngati tsiku lotsekera silinadutse, tumizaninso zonse pamodzi, osati pepala loiwalidwalo lokha. Fayilo ya payokha imafuna kuti wina ku ofesi afufuze imelo yanu yoyamba n'kuzilumikiza, ndipo zimenezi sizichitika kawirikawiri. Konzani PDF yathunthu, sinthani mndandanda ndi manambala a masamba, gwiritsani ntchito mutu wa imelo womwe uja n'kuwonjezera mawu akuti `Revised application`, ndipo mu chiganizo chimodzi nenani kuti iyi ilowe m'malo mwa yoyamba. Chitani zimenezi kamodzi kokha. Pa mapepala n'chimodzimodzi: envelopu yatsopano yathunthu, yokhala ndi kakalata kachidule pamwamba. Tsiku likadutsa, ofesi zambiri, makamaka za boma, sizilandiranso chowonjezera chilichonse, ndiye chikalatacho chisungeni pamodzi ndi masatifiketi enieni, osanjidwa motsatira mndandanda womwe uja, kuti mudzapite nazo mukaitanidwa ku intavyu.